Kanambala ka paphewa pa 10

Mwana wa mchemwali wanga, amene ali kusekondale, anabwera madzulo ena ndi pepala la masamu oyeserera limene aphunzitsi anali atachonga. Linali la mafunso 20, lafotokope yofooka, ndipo bolopeni yofiira inali itadutsa pa mafunso oposa theka. Anandipatsa osanena kanthu, nakhala pa mpando pafupi ndi nyali ya sola. Nditayang'ana ndinaona kuti mwanayo sanali waulesi. Malamulo onse anawalemba pamwamba pa pepalalo ndi pensulo, mwaukhondo, monga anawalowezera. Koma pansi pake analemba kuti 2³ ndi 6, kuti 10³ × 10⁴ ndi 10¹², ndiponso kuti 10⁰ ndi 0.

"Amalume, malamulowa ndimawadziwa," anatero. "Koma ndikafika pa funso, sindidziwa kuti apa ndiphatikize kapena ndichulukitse."

Ndinamvetsa pamene panagona vuto. Malamulo anali nawo asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse payekhapayekha, ndipo pa funso lililonse ankasankha mongoyerekeza. Chimene sanauzidwe momveka, kapena chimene chinamudutsa tsiku limene chinanenedwa, n'chakuti kanambala kakang'ono kokhala paphewa pa nambala inzake kali ndi ntchito imodzi yokha, ntchito yowerenga. M'kalasi amakatcha pawa, ena indekisi, ndipo nambala yaikulu imene kakhalapo amaitcha besi. Mu 2³, ka 3 kakutiuza kuti pali ma 2 atatu amene akuchulukitsana: 2 × 2 × 2, yankho lake 8. Wolemba 6 wachulukitsa 2 ndi 3, ngati kuti ka 3 kaja ndi kofanana ndi nambala ili pansiyo. Sikali m'gulu la zochulukitsidwazo. Kangoima pambali n'kumawerenga kuti zilipo zingati.

Besi ikakhala 10 zimakoma kwambiri, chifukwa kuchulukitsa ndi 10 kumawonjezera ziro mmodzi kumapeto. Choncho 10² ndi 100, 10³ ndi 1,000, 10⁶ ndi miliyoni imodzi. Kanambala ka paphewa kakuwerenga ma 10, ndipo potero kakuwerenganso maziro.

Ndinalowa m'chipinda kukatenga chinthu chimene ndimasunga pakati pa buku lakale: ndalama ya pepala ya ku Zimbabwe imene mbale wathu wina anabwera nayo kuchokera ku Harare. Banki yaikulu ya dzikolo inatulutsa ndalamayi mu Januwale 2009, ndipo palembedwa 100 000 000 000 000. Ndinamuuza mtsikanayo kuti awerenge maziro. Koyamba anapeza 13. Kachiwiri, akuloza ndi nsonga ya pensulo, anapeza 14. Ndiye vuto la manambala aatali limenelo. Diso la munthu limasochera maziro akapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo kuphonya ziro mmodzi yekha kumachepetsa ndalamayo ka 10. Koma tikalemba 10¹⁴ palibenso zoloza ndi pensulo. Kuwerenga kwachitika kale, ndipo yankho lake lakhala paphewapo.

Mbiri ya ndalama imeneyi ndi imene inatithandiza pa funso limene analakwa lija. Mitengo ya zinthu itakwera mosaneneka ku Zimbabwe, boma linachotsa maziro pa ndalama katatu. Mu Ogasiti 2006 anachotsa maziro atatu, kutanthauza kuti madola akale 1,000 anasanduka dola imodzi yatsopano. Mu Ogasiti 2008 anachotsa maziro 10. Mu Febuluwale 2009 anachotsanso 12. Ndinamufunsa kuti dola imodzi ya pambuyo pa Febuluwale 2009 inali yofanana ndi madola angati a pasanafike Ogasiti 2006. Sanaganize nthawi yaitali. Anati maziro onse ochotsedwa ndi 3 kuphatikiza 10 kuphatikiza 12, ndiye kuti 25.

Ndinamuuza kuti alembe zimene wanenazo m'masamu:

10³ × 10¹⁰ × 10¹² = 10²⁵

Anayang'ana mzerewo, kenako anayang'ana pepala lake. Limeneli ndi lamulo loyamba lija analemba ndi pensulo, loti pochulukitsa manambala a besi imodzi timaphatikiza mapawa. Palibe chamatsenga. Ma 10 atatu akakumana ndi ma 10 anayi, ma 10 onse ndi asanu ndi awiri, choncho 10³ × 10⁴ ndi 10⁷. Amene wakayika alembe ma 10 onsewo m'mzere n'kuwawerenga, ndipo 12 sangamupeze paliponse. Lamuloli ndi lakale kwabasi. Archimedes wa ku Syracuse, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, analifotokoza m'mawu pamene ankafuna kusonyeza kuti mchenga ukhoza kuwerengeka ngakhale utadzaza thambo lonse. Nambala imene anafikapo, m'kalembedwe ka lero, ndi pafupifupi 10⁶³.

Mawu oti besi imodzi asamaiwalike. Pa 2³ × 5² palibe chophatikiza, chifukwa ka 3 kakuwerenga ma 2 ndipo ka 2 kakuwerenga ma 5. Pamenepo munthu amangopeza 8 ndi 25 n'kuchulukitsa, 200. Komanso besi siisintha: 2³ × 2⁴ ndi 2⁷, osati 4⁷. Ma 2 achuluka, koma akadali ma 2.

Kugawa n'kubwerera m'mbuyo. Pa 10⁵ ÷ 10² tili ndi ma 10 asanu pamwamba ndi awiri pansi. Awiri a pansiwo amafafanizana ndi awiri a pamwamba, n'kutsala atatu, 10³. N'chifukwa chake pogawa timachotsera mapawa. Dziko la Zambia litachotsa maziro atatu pa kwacha yake mu Januwale 2013, munthu amene anali ndi miliyoni imodzi anakhala ndi 10⁶ ÷ 10³, ndiko kuti 1,000 ya ndalama zatsopano, zogula katundu yemweyo.

Pawa ya ziro ndi pawa ya negetivi ndi pamene ana ambiri amataya mtima, ndipo sindiwaimba mlandu. Munthu wangouzidwa kumene kuti pawa imawerenga ma 10, ndiye ma 10 okwana ziro akhala bwanji 1? Nanga ma 10 okwana −2 ndiye otani? Ine ndimakonda kutsika makwerero. Ndinamulembera 10³ = 1,000, pansi pake 10² = 100, pansi pakenso 10¹ = 10, n'kumufunsa chimene chikuchitika pa sitepe iliyonse. Anati kumanzere pawa ikutsika ndi 1, kumanja tikugawa ndi 10. Ndinati apitirize yekha. Sitepe yotsatira, pawa ndi 0, ndipo 10 kugawa ndi 10 ndi 1. Anaima pang'ono, nafufuta 0 uja analemba papepala. Yotsatira, pawa ndi −1, ndipo 1 kugawa ndi 10 ndi 0.1. Kenako 10⁻² ndi 0.01, 10⁻³ ndi 0.001. Makwererowo sanathyoke pena paliponse.

Apa pali chinthu chofunika kuchinena mobwereza, chifukwa chizindikiro cha kuchotsera chimanamiza maso. Nambala ngati 10⁻³ si ngongole, siili pansi pa ziro. Ndi nambala yaing'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo 1,000, monga milimita imodzi pa mita. Kamzere kali paphewako kakunena kuti ma 10 amenewa tikugawa nawo, sitikuchulukitsa nawo. Mwana amene walemba kuti 10⁻³ ndi −1,000 watsitsa kamzereko paphewa n'kukaika pansi, pamene si pamalo pake.

Zonsezi ndi maziko a chimene pepala lija linkafuna kwenikweni, kalembedwe kamene m'sukulu zathu amati sitandadi fomu. Nambala iliyonse timailemba m'zigawo ziwiri, A × 10ⁿ. Chigawo choyamba, A, chiyenera kuyambira pa 1 koma chisafike pa 10, kutanthauza kuti kumanzere kwa kadontho kukhale nambala imodzi yokha, ndipo isakhale ziro. Chigawo chachiwiri ndi 10 ndi pawa yake, imene imakhala nambala yathunthu, yapozitivi, yanegetivi kapena ziro.

Tinatenga kalembera wa anthu wa 2018, amene anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17,563,749. Kuti kumanzere kwa kadontho kutsale nambala imodzi, timalemba 1.7563749. Funso tsopano n'lakuti 1.7563749 ameneyu tim'chulukitse ndi 10 kangati kuti abwerere kukhala anthu mamiliyoni 17 ndi theka. Pambuyo pa 1 woyambayo pali manambala asanu ndi awiri, ndiye kuti kasanu ndi kawiri. Yankho ndi 1.7563749 × 10⁷, ndipo tikafupikitsa, 1.76 × 10⁷.

Mtsikanayo anafunsa funso labwino. "Nanga 17.6 × 10⁶ yalakwika pati, amalume, poti ndi nambala yomweyo?"

Ndi yomweyodi, ndipo sanganene munthu kuti yanama. Koma siili mu sitandadi fomu, ndipo wochonga mayeso sadzaipatsa malikisi ake onse. Lamulo la pakati pa 1 ndi 10 lili ndi chifukwa chake. Aliyense akamalemba mmene wafunira, wina 17.6 × 10⁶, wina 176 × 10⁵, wina 0.176 × 10⁸, kanambala ka paphewa sikangatiuzenso kukula kwa chinthu. Koma tonse tikagwirizana kuti A akhale pakati pa 1 ndi 10, kufanizira manambala kumaphweka: yang'anani paphewa poyamba. 2 × 10⁹ ndi wamkulu kuposa 9.9 × 10⁸, ngakhale 9.9 akuoneka wonenepa, chifukwa woyambayo wafika m'mabiliyoni pamene winayo akadali m'mamiliyoni. A timamuyang'ana pokhapokha mapawa akafanana.

Kalembedweka kamanenanso mmene wolembayo akudziwira nambala yake. Munthu akalemba 18,000,000 sitidziwa ngati maziro asanu ndi mmodziwo ndi owerengedwa kapena ndi ongodzazira malo. Akalemba 1.8 × 10⁷ watiuza kuti akutsimikiza manambala awiri okha. Akalemba 1.76 × 10⁷ akutsimikiza atatu.

Manambala aang'ono ndiwo anamudyera malikisi ambiri. Funso lina linati alembe 0.00052 mu sitandadi fomu, iye n'kulemba 5.2 × 10⁴. Nditamufunsa mmene anapezera, anabwereza mawu amene analoweza onena za kusuntha kadontho: kakapita kumanja pawa imakhala yakuti, kakapita kumanzere imakhala yakuti. Pakati pa chiganizo anasokonezeka, osakumbukanso mbali yake. Ine mawu amenewa sindiwakonda, ngakhale ali oona. Vuto lake n'lakuti mbali imatembenuka malinga ndi kumene ukuchokera. Pochoka pa nambala wamba kupita ku sitandadi fomu kadontho kamapita kwina, pobwerera kamapita kwinanso, ndipo m'chipinda cha mayeso mtima ukamagunda, kumanja ndi kumanzere zimasakanikirana. Panalinso china chimene ndinachiona nditayandikizitsa pepalalo ku nyali. Pa chitsanzo chimene chinali pamwamba pa gawo limenelo, fotokope inali itadya kamzere ka negetivi, kongotsala kachithunzithunzi. Mwana wodalira kukopera chitsanzo akanalakwa gawo lonse mosadziwa.

Njira imene sidalira kukumbuka mbali ndi kufunsa funso limodzi lisanathe yankho: nambala imene ndinayamba nayo ndi yaikulu kapena yaing'ono? 0.00052 ndi kanthu kosafika ngakhale pa 1. 5.2 × 10⁴ ndi 52,000. Ziwirizi sizingafanane. Nambala ikakhala yochepera 1, pawa yake ndi yanegetivi nthawi zonse. Ikakhala 10 kapena kuposa, pawa ndi yapozitivi. Kusuntha kadontho kungotiuza kuti ndi masitepe angati, apa anayi, ndipo chizindikiro timachipeza poyang'ana kukula kwa chinthucho. Yankho ndi 5.2 × 10⁻⁴.

Pofanizira manambala aang'ono pamafunikanso kusamala. Pakati pa 10⁻³ ndi 10⁻⁶, wamng'ono ndi 10⁻⁶, chifukwa wagawidwa ndi 10 kasanu ndi kamodzi pamene mnzakeyo katatu. Milimita ndi 10⁻³ ya mita. Selo lofiira la m'magazi, limene tizilombo ta malungo timalowamo, ndi lotalika mamita apakati pa 6 × 10⁻⁶ ndi 8 × 10⁻⁶ m'mimba mwake. Kachilombo koyambitsa Edzi ndi ka mamita pafupifupi 1 × 10⁻⁷. Munthu wodziwa kuwerenga paphewa waona kale kuti kachilomboka n'kochepa makumi angapo kuyerekeza ndi selolo, asanagwire n'cholembera chomwe.

Funso limene tinakhalitsapo linali la kuwala kwa dzuwa, ndipo ndilifotokoza lonse chifukwa muli sitepe imene imagwetsa ngakhale ana akhama. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera pa dziko lapansi. Kuwala kumayenda mamita 299,792,458 pa sekondi, amene pa masamu oyeserera amangoti 3 × 10⁸. Kodi kuwala kumatenga nthawi yaitali bwanji kuti kutipeze?

Choyamba miyezo ifanane. Liwiro lili m'mamita, mtunda uli m'makilomita. 150 miliyoni ndi 1.5 × 10⁸, ndipo kilomita imodzi ndi mamita 10³, choncho mtunda ndi mamita 1.5 × 10¹¹. Lamulo lophatikiza mapawa lagwira kale ntchito pamenepo. Woiwala sitepe imeneyi amagawa 1.5 × 10⁸ ndi 3 × 10⁸ n'kupeza theka la sekondi, yankho lochepa ka 1,000.

Nthawi ndi mtunda kugawa ndi liwiro. Ubwino wa sitandadi fomu ndi wakuti ntchito imagawika pawiri, ndipo mbali iliyonse ndi yopepuka. Manambala akutsogolo pawokha: 1.5 ÷ 3 = 0.5. Mapawa pawokha: 10¹¹ ÷ 10⁸ = 10³. Tikaziika pamodzi tipeza masekondi 0.5 × 10³.

Yankholi ndi loona koma silinamalizike, chifukwa 0.5 ndi wochepera 1. Tiyenera kum'sandutsa 5. Mtsikanayo anadziwa zimenezi, ndipo analemba 5 × 10⁴. Anakweza 0.5 kukhala 5, n'kukwezanso pawa kuchoka pa 3 kufika pa 4, poganiza kuti zonse ziyendere limodzi. Koma ziyenera kuyenda mosemphana. Nambala yonse siyenera kusintha, choncho ukachulukitsa chigawo chimodzi ndi 10 uyenera kugawa chinacho ndi 10. Zili ngati kutapa chimanga m'thumba lina n'kuthira m'linzake: lina likadzaza, lina litsika, koma chimanga cha m'nyumbamo ndi chomwecho. Wofuna kuziona m'malamulo alembe 0.5 ngati 5 × 10⁻¹, ndiye 10⁻¹ × 10³ ndi 10². Yankho ndi masekondi 5 × 10², ndiko kuti 500, mphindi 8 ndi masekondi 20.

Ndinamupempha kuti ayese yankho lake lakale. Theka la 1,000 ndi 500, ndipo 5 × 10⁴ ndi 50,000, masekondi okwana pafupifupi maola 14. Kungobweza nambala m'kalembedwe wamba kwa kanthawi kunali kokwanira kugwira cholakwacho. Kukwera kumakhalanso chimodzimodzi: (4 × 10⁵) × (6 × 10³) imapereka 24 × 10⁸, ndipo 24 akatsika kukhala 2.4, pawa imakwera kukhala 9.

Mapepala ambiri oyeserera, mwana akangozolowera kuchulukitsa ndi kugawa, amaponyamo funso lophatikiza, ndipo ndi msampha. Lake linali 3 × 10³ + 2 × 10², ndipo analemba 5 × 10⁵. Ndinatulutsa m'thumba mapepala atatu a K1,000 ndi awiri a K100, n'kuwaika patebulo. Ndinamufunsa kuti ndi ndalama zingati. Anaseka n'kuyankha kuti K3,200. Ndinamufunsa ngati wogulitsa m'golosale angam'patse katundu wa K500,000 ndi ndalama zimenezo. Malamulo a mapawa ndi a kuchulukitsa ndi kugawa basi, ndipo palibe lamulo la pawa lophatikizira. Kuti uphatikize, ndalama zikhale za mtundu umodzi poyamba. Ma K100 awiri ndi 0.2 ya K1,000, choncho 3 × 10³ + 0.2 × 10³ = 3.2 × 10³. Pawa siinasinthe, monga mmene mbuzi zitatu kuphatikiza mbuzi ziwiri zimakhalabe mbuzi.

Latsala lamulo limene munthu amachulukitsadi mapawa, ndipo ndilo linamusokoneza poyamba paja. Limagwira ntchito pawa ikakwera pamwamba pa pawa inzake. (10³)² ndi 10³ × 10³, magulu awiri a ma 10 atatu, onse pamodzi asanu ndi mmodzi. Limaoneka ngati longovutitsa ana, koma limabisala paliponse pamene tikuyeza malo kapena madzi. Sikweya kilomita si masikweya mita 1,000. Ndi mamita 1,000 m'litali ndi 1,000 m'lifupi, (10³)², ndiye kuti miliyoni imodzi. Hekitala ndi (10²)², masikweya mita 10,000, choncho mu sikweya kilomita imodzi muli mahekitala 10⁶ ÷ 10⁴, okwana 100.

Tinayesa ndi Nyanja ya Malawi, imene madzi ake amayerekezedwa kukhala pafupifupi makiyubiki kilomita 8,000. Kiyubiki kilomita ndi bokosi la kilomita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'kuya, (10³)³, makiyubiki mita 10⁹. Kiyubiki mita imodzi imalowa malita 1,000, ndiye bokosi lija lili ndi malita 10¹². Mabokosi 8 × 10³ akutipatsa malita 8 × 10¹⁵. Titagawa ndi ndowa ya malita 20, imene ndi 2 × 10¹, tinapeza ndowa 4 × 10¹⁴. Mtsikanayo anatenga ndalama ya ku Zimbabwe ija n'kunena kuti ndiye kuti mapepala anayi otere akanagula nyanja yonse pa mtengo wa dola imodzi pa ndowa. Masamu ake anali olondola.

Pa lamulo lomweli pali pobisalira cholakwa china. Pawa ya kunja kwa mabulaketi imagwira chilichonse chili mkati. (3 × 10⁴)² ndi 9 × 10⁸. Ambiri amakonza pawa n'kusiya 3 mmene alili, kapena amalemba 6.

Ena anganene kuti zonsezi kakyuleta imachita. Imachitadi, koma imayankha m'kalembedwe komweka, ndipo wosakadziwa sangawerenge yankho lake. Nambala ikatalika kuposa malo a pagalasi, makakyuleta ambiri a m'foni ndi mapulogalamu a pakompyuta owerengetsera ndalama amaonetsa zinthu ngati izi:

```
1.5E11
5.2E-4
```

Chilembo `E` chikuimira mawu oti kuchulukitsa ndi 10 wa pawa yakuti. Mzere woyamba ndi 1.5 × 10¹¹, wachiwiri ndi 5.2 × 10⁻⁴. Ogwira ntchito m'maofesi amakumana nazo akalemba nambala yaitali ya foni kapena ya akaunti mu Excel, n'kuona yasanduka chinthu chothera ndi `E+11`. Kompyuta yaiona ngati nambala yowerengetsera ndipo yaifupikitsa. Makakyuleta ena akale amangoonetsa kanambala pakona popanda 10, ndipo mwana amakopera 1.5¹¹, imene ndi nambala ina kotheratu, yosafika ngakhale pa 100.

Batani lolowetsera manambala amenewa limalembedwa `EXP` kapena `×10ˣ`, ndipo 10 ali kale mkati mwa batanilo. Kulowetsa 3 × 10⁸ ndi motere:

```
3 EXP 8
```

Amene amadina 3, kuchulukitsa, 10, kenako `EXP` ndi 8, walowetsa 10 kawiri ndipo apeza 3 × 10⁹. Palinso vuto la kugawa. Munthu akalemba 10 ndi pawa yake ndi manja, osagwiritsa ntchito batanilo, n'kusiya mabulaketi, kakyuleta imagawa ndi 3 yekha kenako n'kuchulukitsa ndi 10⁸. Funso la dzuwa lija limatuluka 5 × 10¹⁸ m'malo mwa 500. Kakyuleta siinalakwe, yachita zimene yauzidwa. Munthu amene anawerengera kale m'mutu kuti 11 kuchotsa 8 ndi 3 amadziwa nthawi yomweyo kuti 18 alibe malo pamenepo.

Usiku utapita ndithu ndinam'patsa funso lomaliza, losachokera papepala. Ndinamuuza kuti atenge rula yake ayang'ane timizere tiwiri toyandikana, tamilimita imodzi. Ngati selo lofiira la magazi ndi mamita 8 × 10⁻⁶, ndi maselo angati amene angandandalikane pakati pa timizereto?

Analemba (1 × 10⁻³) ÷ (8 × 10⁻⁶). 1 kugawa ndi 8 anapeza 0.125. Pa mapawa analemba −3 − 6 = −9, n'kuyamba kumaliza. Kenako pensulo inaima. Sindinanene kanthu.

"Ayi," anatero yekha. "Pawa yanegetivi ndiye kuti sakufika ngakhale selo limodzi. Koma selo ndi laling'ono kuposa milimita, ayenera kulowamo ambiri."

Anabwerera n'kuona kuti chochotsedwacho ndi −6, osati 6, ndipo −3 − (−6) ndi 3. Anapeza 0.125 × 10³. Anakweza 0.125 kukhala 1.25, natsitsa pawa kukhala 2, n'kulemba 1.25 × 10². Pambali analemba 125. Anatenga rulayo n'kuiyandikizitsa ku nyali, akuyang'anitsitsa kampata kali pakati pa timizere tiwirito, kenako anakoka pepala lija n'kuyambiranso pa funso loyamba.